Zithunzi 210 za masamba a kachewere ndazichulukitsa kufika 2,100, koma modelo ikulephera kumunda

Tadala (Bembeke): Madzulo abwino akuluakulu nonse. Ndili ndi ntchito ya kusukulu yophunzitsa kompyuta kuzindikira matenda a kachewere poona tsamba. Ndinajambula ndi foni zithunzi 210 m'minda 7 ya kuno ku Bembeke: 90 za chiwawu chija chothamanga chimapsereza munda wonse kukakhala nkhungu, 70 za masamba abwinobwino, ndi 50 za matenda a mawanga ozungulira aja amayambira masamba am'munsi. Poti ndi zochepa, ndinalemba kapulogalamu ka Pillow kotembenuza, kupendeketsa ndi kuwalitsa, moti chithunzi chilichonse chinabala zina 9. Zonse pamodzi 2,100. Ndaphunzitsa pa Colab, ikuti ikukhoza 98 peresenti. Koma mnzanga wa ku Tsangano wanditumizira zithunzi 30 za m'munda mwawo, yakhozapo 17 zokha. Ndichulukitsenso kufika 5,000 kapena vuto lili pena?

Yamikani: Chulukitsani asisi. Zinthu zimenezi zimadya deta ngati chigayo. 2,100 n'zochepabe, anzathu amaphunzitsa ndi zithunzi masauzande makumimakumi. Onjezani kutembenuza chadodolido, mupendeketse mpaka madigiri 90, kuwala mukweze kwambiri. Ikaona mitundu yambiri izolowera.

Mphatso wa situdiyo (Lizulu): Ngati nkhani ndi kuwalitsa zithunzi zambiri kamodzi, bweretsani pa fulashi ndikupangireni. Za ukwati ndimakonza 300 madzulo amodzi, zonse zimatuluka zowala mofanana, zoyera bwino.

Tadala (Bembeke): Zikomo achimwene, koma ine sindikufuna zikhale zokongola ayi. Ndikufuna dala zina zide, zina ziwale, zina zipendekeke, kuti kompyuta isazolowere kajambulidwe kamodzi.

Mphatso wa situdiyo (Lizulu): Ndiye mukuziwononga dala? Dziko lapita patali ndithu. Ndingokhala pambali ndizimvera.

Anaphiri: A Tadala, musanawonjeze ngakhale chithunzi chimodzi, tandiuzani ichi. Zithunzi zoyesera modelo munazipatula liti, musanachulukitse kapena mutachulukitsa kale? Tumizani mzere umene mukuwerengera foda.

Tadala (Bembeke): Ndinaika zonse 2,100 m'mafoda atatu a matenda, kenako Keras inagawa yokha, amayi.

```python
keras.utils.image_dataset_from_directory(
    "masamba_onse", validation_split=0.2,
    subset="both", seed=1, image_size=(224, 224))
```

Anaphiri: Apo ndiye pagona nkhani. 98 ameneyo si woona, ndipo kuchulukitsa kufika 5,000 kungomukweza kufika 99 popanda chosintha ku Tsangano.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Tsamba lililonse limene munajambula lilipo ka10 mufodamo: lenilenilo ndi ana ake 9. Keras sikudziwa kuti n'zapachibale, imangosakaniza mafayilo onse n'kutapapo 420 kuti zikhale zoyesera. Tengani chithunzi chimodzi mwa 420 zimenezo. Abale ake 9 aja ali kuti? Pa 10 zilizonse, 8 zimapita kophunzitsira, ndiye kuti abale ake pafupifupi 7 modelo yawaona kale kambirimbiri. Tsamba lomwelo, bowo lomwelo la mbozi, dothi lomwelo kumbuyo, chala chanu chomwecho pakona, kungoti latembenuzidwa. N'chimodzimodzi mwana amene waonetsedwa pepala la mayeso dzulo, lero mwangosintha ndondomeko ya mafunso. Akhoza zonse, koma simunayese ngati akudziwa samu.

Zithunzi za ku Tsangano ndiye mayeso oyamba enieni amene modelo yanu yalemba.

Yamikani: Koma amayi, chithunzi chotembenuza si chimodzimodzi ndi choyambacho. Manambala a mapikiselo onse amasintha malo. Kwa kompyuta ndi chithunzi chatsopano.

Anaphiri: Manambala amasinthadi malo, a Yamikani, pamenepo mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake kutembenuza kumathandiza pophunzitsa. Kumauza modelo kuti chiwawu chili kumanzere kwa tsamba ndi chiwawu chili kumanja n'chimodzi. Koma sikubweretsa tsamba latsopano. Ngati a Tadala anajambula mbewu ya mtundu umodzi, pa dothi la ku Bembeke, ndi foni imodzi, mutembenuze kokwana 1,000 simupezamo mbewu ina, dothi lina kapena kamera ina. Chimene chili m'zithunzi 210 ndicho chokhacho chilipo.

Tadala (Bembeke): Ndiye ndigawe 210 zoyambazo kaye, kenako ndichulukitse zophunzitsira zokha?

Anaphiri: Eya, koma osagawa mwachisawawa. Munati minda 7. Ndikukhulupirira kuti pa phando limodzi munkajambula kawiri katatu, kusendera pang'ono, kujambulanso. Zimenezo nazonso n'zapachibale ngakhale simunazipange ndi pulogalamu. Gawani potengera munda. Minda 5 yophunzitsira, minda 2 yoyesera, ndipo onetsetsani kuti m'minda 2 imeneyo muli mitundu yonse itatu ya masamba. Zoyeserazo musazigwire n'komwe, osatembenuza, osawalitsa, zingochepetsedwa kukula basi. Za ku Tsangano 30 zija zisungeni padera, muzizitsegula pamapeto penipeni, chifukwa mukamasintha zinthu mukuyang'ana zimenezo nazonso zisanduka pepala loonedwa kale.

Alangizi aNgozo (Lobi): Za kompyutazi ine sindilowerera, koma mwana wanga Tadala, ndifunseko za masambawo. Chiwawu chenicheni timachitsimikiza potembenuza tsamba. Kunsi kwake, m'mphepete mwa banga lakudalo, kumakhala nguwi yoyera ngati ufa, makamaka m'mawa kukadali chinyezi. Dzuwa likakwera imafota, sioneka bwino. Matenda enawo banga lake ndi louma, lili ndi mizere yozungulirazungulira mkati, ndipo nthawi zambiri mbali mwake mumachita chikasu. Tsono mukamati mukuwalitsa chithunzi, nguwi ija imatsala? Chifukwa kunsi kwa tsamba la kachewere n'kotuwa kale.

Anaphiri: Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse afunsidwa pano, bambo. A Tadala, kuwala munakweza ndi nambala yanji?

Tadala (Bembeke): Ndinaika 0.5, 0.7, 1.3 ndi 1.5 mu `ImageEnhance.Brightness`.

Anaphiri: Chabwino, onani chimene 1.5 amachita. Pikiselo iliyonse imasungidwa ndi manambala a pakati pa 0 ndi 255, ndipo Pillow imangochulukitsa nambalayo ndi chimene mwaipatsa. Tiyerekeze kuti pamalo potuwa pa tsamba pali 180, pa nguwi pali 230. Kusiyana kwake ndi 50, diso limaona, modelonso imaona. Chulukitsani ndi 1.5: woyamba afika 270, wachiwiri 345. Koma denga ndi 255, onse awiri adulidwira pomwepo. Nguwi ndi tsamba zasanduka mtundu umodzi, chizindikiro chimene alangizi akunenachi chafufutika, koma fayilo ikadali mufoda ya chiwawu. Mukuuza modelo kuti "ichi ndi chiwawu" pa chithunzi chimene mulibenso umboni wa chiwawu, ndiye imakafuna umboni kwina, kaya dothi, kaya mthunzi wa dzanja.

Ndi 1.2, 180 amafika 216, 230 amagunda 255. Zikusiyanabe. N'chifukwa chake ine pa masamba ndimayambira pakati pa 0.8 ndi 1.2. Kudetsa sikuwononga msanga ngati kuwalitsa, koma 0.5 amachititsa kuti banga lakuda ndi tsamba lobiriwira kwambiri ziyandikane, mizere yozungulira ija imavuta kuiona.

Muyeso wake ndi wosavuta: sankhani zochulukitsa 20 mwachisawawa, mutumizire aNgozo osawauza foda imene zachokera. Chimene iwo alephera kuchitchula dzina, pulogalamu yanu yapyola malire.

Alangizi aNgozo (Lobi): Tumizani, koma madzulo. Masana ndimakhala kumadimba, netiweki kulibe.

Mphatso wa situdiyo (Lizulu): Apa ndiye ndamva. Ndi zomwe zimachitika ndi diresi la mkwatibwi. Ukakweza kuwala kwambiri maluwa osokedwa aja amasowa, limangokhala mbee, ndipo sungawabwezenso ngakhale udetse.

Limbani: Pepani ndilowetseko yanga pomwepa. Ine ndikuyesa kuwerenga manambala a pa sikelo ya dijito pojambula, ya pomwe timagulira nyemba ndi soya. Ndili ndi zithunzi zochepanso. Ndingagwiritse ntchito zomwezi?

Yamikani: Zomwezo achimwene, kodi ndi imodzi, mungosintha foda.

Anaphiri: Ayi, pamenepo musatero. Tsamba mulitembenuze mulimonse likadali ndi matenda omwewo. Nambala ayi. Pa sikelo za timizere 7 zija, 2 mukamutembenuza ngati pagalasi amaoneka 5, ndipo 6 mukamuzunguliza madigiri 180 amakhala 9. Dzina la fayilo linena 2, chithunzi chionetsa 5. Kwa inu, a Limbani, kutembenuza kulekeni konse, kupendeketsa kukhale kochepa, mwina madigiri 5 mpaka 10 ngati mmene dzanja limapendekera. Kuwala ndiye sinthani ndithu chifukwa galasi la sikelo padzuwa ndi m'shedi limasiyana kwambiri. Koma yanuyo tsegulani nkhani yake payokha, isasokonezane ndi ya masambayi.

Tadala (Bembeke): Ndagawa potengera minda. Zophunzitsira 168, zoyesera 42. Tsopano vuto lina: za mawanga ozungulira zatsala 38 zokha kophunzitsira, pomwe za chiwawu zilipo 74. Ndimaganiza zoti zochepazo ndizipendeketse kambiri kuti zifanane ndi zinzake.

Yamikani: Imeneyo ndi nzeru. Gulu lochepa lichulukitseni ka20, lalikulu ka10, zilingana.

Anaphiri: Kulinganiza magulu n'kwabwino, koma tsegulani kaye chithunzi chimodzi chimene munapendeketsa ndi `rotate(30)`, muyang'ane m'makona.

Tadala (Bembeke): Muli timakona takuda tinayi.

Anaphiri: Ndi timeneto. Chithunzi cha makona anayi chikazungulira, m'makona mumatsala malo opanda kanthu, ndipo Pillow imathiramo mtundu wakuda pokhapokha mutaiuza zina. Ngati magulu onse ali ndi timakona timeneti mofanana, vuto ndi lochepa. Koma mukapendeketsa gulu limodzi kuposa ena, modelo ipeza njira yachidule: ndikaona makona akuda, ndi matenda a mawanga. Pophunzitsa izikhoza bwino kwambiri. Kumunda foni situlutsa makona akuda, ndiye gulu limenelo siizilitchula n'komwe. Mungazindikire vutoli mosavuta: tengani tsamba labwinobwino, lipendeketseni madigiri 30, mulipatse modelo. Ikasintha yankho, ikuwerenga makona osati tsamba.

Ine ndikanasiya zolemba mafayilo atsopano pa disiki. Ikani kusinthako mkati mwa modelo, kuti chithunzi chilichonse chikamalowa pophunzitsa chizisinthidwa mwachisawawa nthawi yomweyo, magulu onse mofanana.

```python
aug = keras.Sequential([
    layers.RandomFlip("horizontal_and_vertical"),
    layers.RandomRotation(0.08),
    layers.RandomBrightness(0.15),
])
```

Zimenezi zimagwira ntchito pophunzitsa pokha, poyesa zimangodutsitsa chithunzi osachikhudza, ndiye vuto loyamba lija silingabwerenso. Makona sakhala akuda chifukwa `fill_mode` yake imayambira pa `"reflect"`, imadzaza ndi chithunzi chomwecho ngati pagalasi. Za kuchepa kwa gulu limodzi, gwiritsani `class_weight` mu `fit` kuti kulakwitsa pa gulu lochepa kuzilemera kwambiri. Ubwino wina, ku Colab muzikweza zithunzi 210 zokha osati 2,100, bandulo ipuma.

Yamikani: 0.08 ndiye kupendeketsa kwanji amayi? Sikufika ngakhale digiri imodzi. Ikani 20 kapena 30.

Anaphiri: Mu Keras nambala imeneyo si madigiri, ndi gawo la kuzungulira kwathunthu. 0.08 kuchulukitsa ndi 360 ndi madigiri pafupifupi 29, mbali zonse ziwiri. Mwazolowera torchvision, kumene `RandomRotation(30)` ndi madigiri 30 enieni. Mukalemba 30 mu Keras mwaiuza kuti izungulire mpaka maulendo 30 athunthu: mu Keras yakale chithunzi chiima paliponse, Keras 3 ingokana nambalayo.

Yamikani: Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma pa tsamba kuima paliponse kuli ndi vuto lanji? Mwanena nokha kuti matenda sasintha. Mlimi akajambula ataweramira phando, tsamba likhoza kuloza kulikonse. Ine ndikanalola kuzungulira konse, 0.5.

Anaphiri: Pa zithunzi zojambula kuchokera pamwamba, tsamba litadzaza chithunzi chonse, sindikutsutsani. Chimene ndimachepetsera n'choti pa madigiri 45 mbali yaikulu ya m'makona imatayika, ndipo chiwawu chimakonda kuyambira kunsonga ndi m'mphepete mwa tsamba. Banga likakhala pakona, likhoza kudulidwa, kapena kuoneka kawiri chifukwa cha galasi lija. Zikudalira mmene a Tadala anajambulira. Ayese zonse ziwiri aone pa minda 2 ija.

Tadala (Bembeke): Mwadzuka bwanji nonse. Ndayesa usiku koma zaipiratu. Modelo siikuphunzira n'komwe, yaima pa 44 peresenti kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo chilichonse ikuti chiwawu. Ndinalemba chonchi:

```python
x = layers.Rescaling(1./255)(inputs)
x = aug(x)
```

Anaphiri: 74 pa 168 ndi 44 peresenti, ndiye kuti ikungotchula gulu lalikulu chifukwa palibe chimene ikuona. Sinthanitsani mizere iwiriyo, `aug` ayambe, `Rescaling` abwere pambuyo.

Chifukwa chake ndi ichi. `RandomBrightness` sichulukitsa ngati Pillow, imawonjezera kapena kuchotsera, ndipo imaganiza kuti manambala anu ali pakati pa 0 ndi 255 pokhapokha mutasintha `value_range`. Ndi 0.15 imatha kuwonjeza kapena kuchotsa mpaka 38. Inu mwayamba mwafinya manambala onse kukhala pakati pa 0 ndi 1. Ikachotsa 20 pa 0.6, zonse zimagwera pa 0, chithunzi chakuda bii. Ikawonjeza 20, tsamba lonse lili pakati pa 20 ndi 21, kusiyana kwa banga ndi tsamba kwamira. Pafupifupi theka la zithunzi zanu usiku wonse zinali mdima wokhawokha.

Ndipo musanaphunzitsenso, zioneni ndi maso zimene zikulowa:

```python
x, _ = next(iter(train_ds))  # train_ds: zithunzi zophunzitsira
for i in range(9):
    plt.subplot(3, 3, i + 1)
    y = aug(x[:1], training=True)
    plt.imshow(y[0].numpy().astype("uint8"))
```

`training=True` musamuiwale, apo ayi mukhoza kuona chithunzi chomwecho ka9 n'kumaganiza kuti palibe chikuchitika.

Tadala (Bembeke): Zatheka! Masamba akuoneka, ena akuda pang'ono, ena owala, nguwi ikuonekabe. Pa minda 2 yoyesera yakhoza 31 pa 42, ndiye 74 peresenti. Nditachotsa `aug` yense inakhoza 28. Ndi 0.5 wa a Yamikani yakhoza 32. Kunena zoona 74 akundiwawa mtima, ndinali nditauza kale aphunzitsi za 98.

Yamikani: 32! Mwaona amayi? Kuzungulira konse kwapambana.

Anaphiri: Kwapambana ndi chithunzi chimodzi, a Yamikani. Pa zithunzi 42, chimodzi ndi mapointi oposa 2. Mungosintha `seed` n'kuphunzitsanso, 31 ndi 32 akhoza kusinthana malo. Ngakhale 28 ndi 31 sindingalumbirire, ngakhale akuloza kumene timayembekezera. Kuti mudziwe, a Tadala, phunzitsani njira iliyonse katatu kapena kasanu ndi `seed` yosiyana, kapena muzisinthasintha minda yoyesera, lero iyi iwiri, kenako ina iwiri, n'kuona ngati kusiyanako kukukhazikika.

Za 74 musadandaule nazo pamaso pa aphunzitsi. Mu 2016 ofufuza ena anaphunzitsa modelo ndi zithunzi zoposa 54,000 za PlantVillage, masamba othothola ojambulidwa pamalo a mtundu umodzi. Pa zoyesera zochokera mulu womwewo inakhoza kupitirira 99 peresenti, koma pa zithunzi zojambulidwa kwina inatsikira pa 31 peresenti. Iwo analemba manambala onse awiri. Inunso lembani onse, mufotokoze kuti 98 anachokera kuti.

Alangizi aNgozo (Lobi): Zithunzi 20 zija ndaziona. 18 ndazitchula bwinobwino. Ziwiri ndakanika, koma si chifukwa cha kuwala, masambawo apsa kale kwambiri, pamenepo ngakhale kumunda sungasiyanitse. Zotere ndikanazichotsa. Koma ndaona china. Zithunzi za chiwawu pafupifupi zonse tsamba lili m'manja kapena pa thumba loyera la feteleza, ndipo kunja kuli mitambo. Za masamba abwino zili pa phando, padzuwa. Kodi makinawo sakuona thumbalo?

Tadala (Bembeke): Ndi zoona bambo. Odwalawo ndinkathothola kuti ndijambule kunsi, ndipo inali sabata ya nkhungu. Abwinowo ndinajambula tsiku lina kutacha bwino.

Anaphiri: Likuonedwa ndithu thumbalo, ndipo ili ndi vuto limene kutembenuza, kupendeketsa ngakhale kuwalitsa sikungathetse. Thumba lotembenuza ndi thumbabe. Kuwala kwa tsiku la nkhungu nakonso sikungosiyana ndi kwa dzuwa pa kuchuluka kokha: padzuwa pamakhala mithunzi yakuthwa ndi kunyezimira pa tsamba, zimene kuwonjeza 38 pa pikiselo iliyonse sikungapange. Yesani chonchi: thotholani tsamba labwinobwino, muliike pa thumba lomwelo, mujambule. Ikati chiwawu, mwapeza chifukwa china chimene za ku Tsangano zinalepherera.

Mankhwala ake ndi foni ndi miyendo. Masamba abwino 30 pa thumba ndi m'manja, odwala 30 ali pa phando, ena padzuwa ena kuli mitambo, ndipo ngati n'kotheka ndi foni ya munthu wina.

Yamikani: Kapena angodula chithunzi chilichonse kuti patsale tsamba lokha, thumba lichoke. N'zachangu kuposa kubwerera kumunda. Ndiponso bwanji osasinthako mtundu pang'ono, kubiriwira kuzisiyana, kuti mafoni osiyana asamaisokoneze?

Alangizi aNgozo (Lobi): Mtundu musaukhudze. Chikasu cha m'mbali mwa banga ndi chimene timaonera. Mukasandutsa tsamba labwino kukhala lachikasu mwalipatsa matenda, kapena njala ya feteleza.

Anaphiri: Kudula kuthandizako, a Yamikani, koma m'mbali mwa tsamba mudzatsalabe zoyera za thumba, ndipo mlimi kumunda sadzadula. Pa za mtundu ndili pakati. Mafoni amasiyanadi, ena amakometsera kubiriwira, ndipo kusintha kochepa kwambiri ndinakuonapo kukuthandiza pa mbewu zina. Koma pa zithunzi 42 zoyesera sitingathe kuona ngati kwathandiza kapena kwawononga, ndiye pakadali pano ndili mbali ya alangizi.

Tadala (Bembeke): Ndayesa za thumba zija ndi masamba 5 abwino a kudimba kwa agogo. Atatu yati chiwawu. Loweruka ndipita kukajambula. Koma chiwawu panopa chachepa kuno, anthu apopera. A Ngozo, ku Lobi kuliko munda umene chikadalipo?

Alangizi aNgozo (Lobi): Kuli dimba lina kumunsi kwa mtsinje, mwini wake anachedwa kupopera. Ndimufunsa kaye ngati angalole. Mubwere m'mamawa mame asanaume kuti nguwi muipeze, ndipo mukatuluka m'munda umenewo musalowenso wina ndi nsapato zomwezo.

Limbani: Ine za sikelo zija ndatsegula nkhani yake, amene ali ndi mpata akaone. Kutembenuza ndachotsa koma 1 ndi 7 ikusokonezabe.